Mkamwini wa a Mumba ndi Ng'ombe ya pa Shedi

Vitalis Daka anali msuweni wanga, mwana wa amalume anga a ku Luembe, ndipo pa anthu onse amene ndinakula nawo palibe amene ndinamunyoza kuposa iye. Usuweni umalola zimenezo. Ndinali kumutcha Gologolo, chifukwa tili ana panalibe mtengo umene unamukanika. Uchi anali kufula ndi iye, zipatso zakumapili anali kutsika nazo ndi iye, ife tili pansi kukamwa yasa. Sukulu anailekela panjila, koma ku mishoni anamuphunzitsa ukalipentala, ndipo manja ake anali abwino kuposa mutu wake. Ndinali kumuuza zimenezi pamaso, iye ndi kumangoseka.

Ine ndine Agness. Zaka zimenezo ndinali ndi tebulo ndi makina otaipila pakhonde la sitolo ina pa Petauke boma. Aliyense wofuna kalata ya Chingelezi, kaya yofunsila ntchito kaya yodandaula, anali kubwela kwa ine kapena kwa mdala wina amene anali ndi tebulo lake kumapeto kwa khonde lomwelo.

Vitalis anafika pa boma mu 1974, sowo ndi pulena atazikulunga m'saka. Anapeza ntchito kwa a Eustace Mumba, kontilakitala amene anakhalapo kapitawo ku Migodi ndi kubwelako ndi lole yakale ndi mawu aakulu. A Mumba anali kumanga nyumba za aziphunzitsi ndi zimbudzi za m'misika. Anali munthu wa suti ya safari yosita bwino, baji ya chipani pachifuwa, ndipo m'tchalitchi anali kukhala kutsogolo. Sindinawamvepo akukalipila munthu. Nkhanza zawo zinali za mawu ofewa.

Kwa zaka ziwili Vitalis anali kulandila malipilo mwezi ndi mwezi ngati anzake. Ndiye anaona Doris, mwana wa a Mumba, akubwela ndi chakudya cha atate ake ku ntchito, basi mutu unazungulila. A Mumba sanavute. Avute bwanji, mnyamata wokhoma denga mlungu umodzi akudzipeleka yekha? Ukwati unachitika, Vitalis ndi kumanga kanyumba kuseli kwa nyumba ya apongozi ake, monga mwa mwambo wathu kuti mkamwini amakhala kwa mkazi.

Mwezi umene anakwatila ndi umene malipilo ake anatha. Kumudzi mkamwini amalima munda wa apongozi, ndipo palibe amene amafunsa malipilo. A Mumba analibe munda, munda wawo unali madenga. Vitalis anali kudzuka m'mawa, kukwela lole, kukhoma mitengo ndi malata mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwezi ukatha anzake akufola pa tebulo la malipilo, iye anali kupita kukatsuka lole. Ufa anali kutapa m'nyumba ya apongozi. Sopo akapezeka, pakuti masiku amenewo sopo anali wa pamzele, amai Consolata, apongozi ake aakazi, anali kudulako kachidutswa ndi kupatsa Doris.

Ndinamuuza kuti, "Gologolo, iwe wakwatila mkazi kapena wakwatila ntchito?"

"Msuweni, iwe sudziwa za ulemu," anatelo. "Ine tsopano sindine wantchito. Ndine wa pa nyumba."

Anali kuwaopa apongozi akewo monga mwambo ufunila, mwinanso kupitilila. Sanali kuwayang'ana kumaso, sanali kudya pamene iwo ali, ndipo akakumana pa kanjila ka kumsika anali kupatukila m'udzu. Pa ntchito a Mumba akafuna kumuuza kanthu anali kulankhula ndi kapitawo, kapitawo ndi kuuza Vitalis, onse atatu ataima pamodzi. Anzake anali kuseka, iye anali kunyada.

Mu 1978 bungwe lina la alimi linalengeza tenda yomanga shedi yosungilamo chimanga kufupi ndi Nyimba. Tenda ndi mpikisano wa mitengo: makontilakitala amalemba mtengo wawo, amatseka mu envulopu, ndi kuponya m'bokosi tsiku lisanakwane. Koma a bungwelo analemba kuti mtengo wokha sukwanila. Aliyense anayenela kuikamo masatifiketi a inshuwalansi, ndi kalata yapamwamba yonena satifiketi iliyonse, nambala yake, tsiku loyamba ndi lotha, ndi malile a ndalama zimene ingalipile. Envulopu yopanda zimenezi anali kuiika pambali osayang'ana ndi mtengo womwe.

A Mumba anakhala masiku ku Chipata kuthamangitsa mapepala amenewo. Atabwelako anafika pa tebulo langa m'mawa, Vitalis ali pambuyo ndi chikwama. Iwo anakhala pa benchi, iye ananjuta patali pang'ono, nkhope atalozetsa ku msewu.

Masatifiketi anali anayi, ndipo ndinawataipa m'kalatamo motsatana. Yoyamba inali ya chimango chenichenicho, kuti moto kapena mphepo ikagwetsa shedi isanapelekedwe, kampani ya inshuwalansi ilipile mpaka mtengo wonse wa ntchito. Yachiwili inali ya anthu akunja, odutsa ndi obwela, ndi katundu wawo, ngati ntchito ya a Mumba yawapweteka: malile ake makwacha zikwi makumi awili pa ngozi imodzi. Yachitatu inali yochokela ku thumba la chipukuta misozi cha antchito, yoonetsa kuti a Mumba analembetsa ndipo analipila gawo lawo molingana ndi malipilo a antchito awo. Yachinayi inali ya lole. Pansi pake panali mzele wonena kuti antchito onse amene adzagwile ntchitoyo ndi olembetsedwa, ndipo maina awo ali pa pepala lophatikidwa.

Chizolowezi changa chinali kuwelengela mwini kalata m'Chinyanja asanasaine. Ndinawelenga zonse, ndi maina omwe: omanga njelwa, kapitawo, dalaivala, osakaniza simenti. Ndinatembenuza pepala kufuna tsamba lina, koma panalibe.

"Bambo," ndinatelo, "nanga wokhoma denga? Dzina la Vitalis silipo."

A Mumba anamwetulila ngati ndanena zachibwana. "Amai, amenewo ndi maina a anthu aganyu. Mufuna ndilembe atate a adzukulu anga pamodzi ndi osakaniza simenti? Uyo ndi mwana wanga. Zonsezi ndikamwalila zidzakhala za ndani?"

Sanalankhule kwa Vitalis, koma analankhula mokweza kuti amve. Ndinamuona msuweni wanga makutu ali tcheu, kumwetulila kukumutuluka ngakhale anayesa kukubisa ndi dzanja. Ine ndinapsa mtima.

"Bambo, munthu wokwela pamwamba ndi iyeyu. Enawa ali pansi. Akagwa?"

"Kodi simunawelenge nokha? Zikwi makumi awili! Petauke yonse ndani ali ndi pepala lotele?"

"Limenelo ndi la anthu akunja."

"Amai, inu ntchito yanu ndi kutaipa."

Ndinatembenukila kwa Vitalis. "Iwe Gologolo, wamva? Dzina lako mulibe umu. Lankhula!"

Anayankha maso ali ku msewu. "Msuweni, usandichititse manyazi pamaso pa akulu."

A Mumba anasaina. Vitalis ndi amene anakwela basi kupita ku Nyimba kukaponya envulopuyo m'bokosi, ataivalila malaya oyela. Tenda anapambana ndi a Mumba. Ena awili anali ndi mtengo wotsika, koma wina satifiketi yake inali kutha ntchito isanathe, wina analibe ya antchito. A bungwe anayamikila kuti mapepala a a Mumba anali oyela kuposa onse.

Zipupa zinakwela m'miyezi yozizila. Pofika Ogasiti, mwezi wa mphepo, anayamba kukweza mitengo ya denga, ija yolumikiza ngati nyanga, yaitali kudutsa shedi yonse. A bungwe anali pa changu chifukwa alimi anali atayamba kale kubwela ndi chimanga, ndi kumachiunjika panja pafupi ndi chimango. A Mumba nawo anali kuopa chilango cha kuchedwa. Kapitawo anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limenelo iye anati adikile mphepo ileke, koma a Mumba anangoti, "Muuzeni mwana wanga kuti ndikudalila iye." Vitalis atamva zimenezo anavula nsapato ndi kukwela.

Mphepo inakankha mtengo umodzi asanaumange ndi unzake. Unapendeka, unagwela kunja kwa chipupa, Vitalis ali pamwamba pake. Pansi panali ngolo ya mlimi wina wa ku Mwape, ng'ombe ziwili zili m'goli. Mtengo unathyola msana wa ng'ombe imodzi. Vitalis anagwela pa mulu wa njelwa, ndipo naye msana unathyoka.

Ndinakamuona ku chipatala. Anali gone chagada, miyendo ili ngati si yake. Ndinalowa ndi mawu ambili okonzeka, koma nditamuona onse anathawa. Ndinangoti, "Gologolo, wagwa?" Iye ndi kuti, "Ndagwa, msuweni." Tinalila tonse awili.

Madokotala anati sadzayendanso. Atatuluka anamugoneka pa mphasa m'kanyumba kake kaja kuseli kwa a Mumba, Doris ndi kumamutembenuza, ana awili ali kumuyang'ana pakhomo.

Woyamba kufika anali munthu wa kampani ya inshuwalansi, wa ku Chipata. Anayeza malo, anafunsa mboni, analemba. Ng'ombe anaivomela msanga: mwini wake anali munthu wakunja, chinali chiweto chake, chinaphedwa ndi ntchito ya a Mumba, ndipo mtengo wake unali pansi kwambili pa malile aja. Mlimi wa ku Mwape analandila cheke mvula isanagwe, ndipo nyama anali atagulitsa kale. Za Vitalis munthuyo anapukusa mutu. Anati satifiketi imeneyo sikhudza munthu amene anali kugwila ntchito ya mwini inshuwalansi, ndipo uyu anagwa ndi hamala m'manja. Anati pitani ku thumba la antchito.

Ndinataipa ndekha kalata yopita kumeneko, ndipo patapita miyezi anatumiza woyendela, mwamuna wachikulile wochokela ku Mongu, a Akabiwa. Anayamba wafika pa tebulo langa chifukwa adilesi inali yanga. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, Chinyanja chake chopindika, koma wachilungamo.

"Amai," anatelo, "dzina kusakhala pa pepala si mapeto. Thumba limayang'ana ngati munthu analidi wantchito. Akanena kuti anali kutumidwa, anali ndi nthawi yoyamba ndi yowelukila, ndipo ufa ndi nyumba zinali m'malo mwa malipilo, ine ndilemba, ndipo angathe kumalandila kandalama mwezi ndi mwezi moyo wake wonse. Koma akakhala wa m'banja wokhala pa nyumba, wongothandiza, lamulo silimuwelenga."

"Nanga a Mumba ziwathela bwanji?"

"Adzalipila zotsalila ndi chilango. Ndiponso a bungwe adzadziwa kuti kalata ya tenda inanena zosaona. Tenda ina angaivutikile."

Madzulo amenewo ndinathamangila kwa Vitalis. Ndinamugwila dzanja ndi kumuuza zonse, kawili. "Mailo akakufunsa, unene kuti unali wantchito. Mawu amodzi okha, Gologolo. Si bodza. Unali wantchito kuposa onse aja. Ndi kandalama kameneko udzadyetsa ana, ndipo palibe adzakuone ngati katundu pano." Anavomela. Anati, "Ndamva, msuweni, ndidzanena." Doris anali pakhomo akusankha nyemba, ndipo sanatukule mutu.

M'mawa ndinapeza zinthu zitakonzedwa kale. A Akabiwa anafuna kulowa m'kanyumba kuti alankhule ndi wodwala yekha, koma amai Consolata anagwada pamaso pawo mwaulemu wonse, ati mlendo wa boma sangalowe m'nyumba yonunkha mankhwala. Anamunyamula Vitalis ndi mphasa yake ndi kumuika pansi pa mtengo wa mango. Mipando inali itayalidwa. A Mumba anakhala pa mpando waukulu, mapazi awo pafupi ndi mutu wa mphasa, baji ili pachifuwa, mdzukulu wamng'ono ali pamiyendo pawo. A Akabiwa, mlendo kwathu kuno, anaona banja logwilizana. Sanadziwe kuti mkamwini pamaso pa apongozi ake alibe pakamwa.

Ndinati, "Bambo Akabiwa, mufunseni payekha. Pano sangalankhule."

A Mumba anaseka pang'ono. "Pali chobisa chanji pa nyumba pano? Mwana wanga, lankhula momasuka."

Aka kanali koyamba m'zaka zonsezo kuti alankhule naye mwachindunji. Vitalis anatembenuzila nkhope kumbali, ku mpanda.

A Akabiwa anafunsa, "A Daka, munali kulandila malipilo?"

"Iyayi, bambo."

"Ufa ndi nyumba, kodi munagwilizana kuti ndi malipilo a ntchito yanu?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu. A Mumba anali kusisita mutu wa mwana uja, pang'onopang'ono.

"Ufa ndi wa pa nyumba, bambo. Tonse timadya."

"Ndifunsenso bwino, chifukwa zimene munene ndi zimene ndilembe. Pa shedi paja, munali wantchito wa a Mumba?"

"Vitalis!" ndinakuwa. Amai Consolata anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Vitalis anatseka maso. "Sindine wantchito, bambo. Ndine mwana wa pa nyumba. Ndinali kuthandiza atate."

A Akabiwa anaimitsa cholembela m'mwamba. Anayang'ana ine, anayang'ana a Mumba, ndipo pamapeto analemba. Vitalis anasaina atagona. A Mumba anapukuta m'maso ndi kansalu, ndi kuuza amai Consolata kuti aphe nkhuku ya mlendo. Ine ndinaimilila ndi kuwauza a Mumba kuti ndi mfiti yovala suti. Anandipelekeza mpaka pa geti ndi mawu ofewa omwe aja, ati chisoni chimalankhulitsa anthu zambili.

Mwana wa pa nyumba anakhala pa nyumbapo mpaka chimanga china chitacha. Poyamba anachepetsa ufa. Kenaka ana anayamba kugona ku nyumba yaikulu, ati asamaone atate awo akuvutika. Doris anatopa, ndipo sindimuweluza kwambili, anali mtsikana wosafika zaka makumi atatu wotembenuza mwamuna ngati khanda, amai ake ali kumunong'oneza tsiku ndi tsiku. Tsiku lina Doris anaitana ankhoswe. A Mumba anati mtima ukuwapweteka, koma wodwala amachila bwino pakati pa abale ake, ndipo mpweya wa kumudzi ndi wabwino. Kwathu mkamwini akabwezedwa amapita yekha, ana amatsala kwa amai awo. Anamukweza pa lole ija, imene inali ndi satifiketi yakeyake, pamodzi ndi sowo ndi pulena m'saka, ndi kukamutula ku Luembe pakhomo pa amai ake okalamba.

Anakhala zaka zinayi kumeneko. Anali kusema mipini ndi mipando yaing'ono atatsamila chipupa, ndipo anthu anali kugula chifukwa ntchito yake inali yosalala. Ndinali kupita ndikapeza galimoto, pakuti msewu wa ku Luembe nthawi ya mvula unali wa mapazi. Ana ake sanawabweletse ngakhale kamodzi. Koma ndikayamba kutukwana a Mumba anali kundiletsa. "Msuweni, usatelo. Unawamva wekha. Ananditcha mwana wawo pamaso pa munthu wa boma." Ndinali kufuna kumumenya ndi mpini womwewo, koma ndikanamenya pati?

Zilonda za kumsana ndi zimene zinamutenga, mu 1983. A Mumba anatumiza matabwa a bokosi, ndipo pamalilo anthu anawatamanda.

Chaka chomwecho bungwe lija linalengeza tenda ya shedi yachiwili. Ndinadabwa kuona a Mumba akukwela khonde langa, mutu utayamba imvi, chikwama chomwe chija m'manja. Anakhala pa benchi ngati palibe chinachitika. Ati, "Amai, zakale zinapita. Inu mumataipa bwino kuposa mdala uja."

Anayala masatifiketi anayi atsopano, malile a anthu akunja atakwela kufika zikwi makumi asanu. Nthawi imeneyi a bungwe anawonjezela funso, loti kontilakitala anene m'kalata yapamwamba ngozi zonse zimene inshuwalansi yake kapena thumba la antchito linalipilapo pa zaka zisanu zapitazo. A Mumba anali atalemba kale yankho ndi pensulo. Ndinawelenga, ndi kuwelenganso, kufuna bodza loti ndiwagwile nalo. Munalibe bodza.

Ndinawaponyela mapepala awo pamiyendo. "Chokani pano. Makina anga salemba zimenezi."

Anatola mapepala mosafulumila, anandifunila tsiku labwino, ndi kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde. Ndinamva makina a mdala uja akuyamba kulila. Atamaliza anawelengela mwini kalata m'Chinyanja, mokweza, pakuti anali wogontha pang'ono.

"Kwa anthu akunja, ngozi imodzi, Ogasiti 1978, pa shedi ya ku Nyimba: ng'ombe imodzi, inalipilidwa yonse. Kwa antchito, palibe wovulala."

"Zili bwino," anatelo a Mumba. "Bweletsani ndisaine."